Masiku atatu ku Lilongwe: kayalidwe ka ulendo wa bizinesi wochokera ku Blantyre

Wabizinesi wa ku Blantyre akamakonza ulendo wa masiku atatu ku Lilongwe amakonda kuwerengera ngati masiku onsewo ndi ogwirira ntchito, pomwe msewu wokha udya kale pafupifupi tsiku lathunthu. Kuchoka ku Blantyre kudzera pa Zalewa, Ntcheu ndi Dedza pali makilomita opitirira pang'ono 300, ndipo kochi imatenga maola anayi ndi theka kapena asanu zinthu zikayenda bwino. Popita mwataya m'mawa wa tsiku loyamba, pobwerera mwataya masana a tsiku lachitatu. Chimene chatsala m'manja mwanu ndi masana amodzi, tsiku limodzi lathunthu ndi m'mawa umodzi. M'nthawi imeneyi mungalowe misonkhano inayi, mwina isanu mukakhala ndi galimoto yanu. Amene walemba isanu ndi itatu papepala adzafika pa ina mochedwa, ina adzachita kupepesa pafoni.

Tiyerekeze mayi amene ali ndi malo osokera mayunifomu ndi maovolosi ku Limbe. Ku Lilongwe ali ndi nkhani zinayi. Anapereka maovolosi ku unduna wina ku Capital Hill miyezi yapitayo ndipo akufuna kudziwa pamene ndalama zake zafika. Kampani ina ya ku Kanengo ikufuna kuona zitsanzo za zovala za antchito ake isanaode. Sukulu ina yoima payokha ku Area 47 ikufuna kotesheni ya mayunifomu a teremu yamawa. Ndiye pali wogulitsa nsalu ku Area 2 amene akuti ali ndi nsalu yolimba ya maovolosi pa mtengo wabwinoko kuposa wa ku Limbe.

Asanagule tikiti, mayiyu adzifunse funso limodzi: pa zinayizi, ndi iti imene ikalephereka ulendo wonse wapita pachabe? Kwa iye ndi ya ku Capital Hill, chifukwa ndalama zimene zatsakamira kumeneko ndizo zogulira nsalu ya maoda atsopanowo. Ndiye msonkhano umenewu ndi woyamba kuupatsa malo, ina yonse izikhala mouzungulira. Malo ake ndi m'mawa wa tsiku lachiwiri. Kuuika masana a tsiku lofika n'kuupereka m'manja mwa dalaivala wa kochi, mvula ndi lole iliyonse imene ingafere pamsewu. Kuuika tsiku lomaliza n'koopsa kwambiri, pakuti nkhani ya ndalama za boma kawirikawiri simatha ulendo umodzi. Mukauzidwa kuti pepala lina likusowa m'failo, mumafunika m'mawa wina woti mubwerere nalo, ndipo m'mawa umenewo uyenera kukhala kale mu ndondomeko yanu.

Masiku abwino ndi Lachiwiri, Lachitatu ndi Lachinayi. Lolemba m'mawa mabwana ambiri amakhala m'misonkhano yawo ya mkati, pomwe Lachisanu masana maofesi amayamba kuchepa anthu, ndipo eni mashopu amene ndi Asilamu amatseka kaye kupita ku mzikiti. Yang'ananinso kalendala, chifukwa tchuthi monga cha pa 15 Januwale, 3 Malichi, 14 Meyi, 6 Julayi kapena 15 Okutobala chingagwe pakati pa ulendo wanu. Wokhala ndi nkhani ku boma akumbukire chinanso: chaka cha ndalama za boma chimatha pa 31 Malichi, ndipo miyezi ya Febuluwale ndi Malichi, Nyumba ya Malamulo ikamakambirana bajeti, akuluakulu a maunduna amakhala otanganidwa kumeneko. Mutha kuupeza ofesi wotsekula koma wosaina mulibe.

Kupangana ndi bwana yekha sikukwana. Pezani nambala ya mlembi wake kapena ya kalaliki wa m'chipinda cha maakaunti, ndipo muimbe kawiri: kutatsala sabata, ndi madzulo a tsiku loti mawa mukumana. Mafunso ake ndi awiri, ofunsidwa mwaulemu: "Pepani mayi, kodi bwana adzakhalapo Lachitatu m'mawa? Nanga akadzakhala atachokapo, ndidzaonane ndi ndani?" Funso lachiwirili ndilo limapulumutsa ulendo. Bwana angaitanidwe mwadzidzidzi ku msonkhano wa kunyanja, kapena maliro a wantchito mnzawo angatenge ofesi yonse, ndipo palibe amene angamunene kuti walakwa. Mukakhala ndi dzina la womutsatira, nkhani yanu imayendabe. Yankho loti "ingobwerani, tidzaonana" musalilandire ngati pangano. Pemphani ola, ndipo mukalandira mulibwereze pa uthenga wa pafoni kuti likhale lolembedwa.

Za mayendedwe a pakati pa mizinda iwiriyi sizifuna mawu ambiri. Ndege yochoka ku Chileka siitha ola limodzi m'mwamba, koma imatera ku Lumbadzi, makilomita pafupifupi 25 kumpoto kwa mzinda, ndipo mukaphatikiza ulendo wa ku Chileka, kudikira pabwalo ndi takisi ya ku Lumbadzi, maola atatu apita. Mwapulumutsa maola awiri pa mtengo umene telala wa ku Limbe sangauone wanzeru. Galimoto yanu imathandiza mukafika, koma muwerengere zipata zolipiritsa za pa Chingeni ndi pa Kalinyeke, komanso kuti nthawi ya kusowa kwa mafuta mzere wa pafilingi siteshoni ungakudyereni m'mawa wonse wa Lachitatu. Kwa mayi wathuyu, kochi ya m'mawa ndiyo yoyenera: anyamuke cha m'ma 7 koloko, afike cha m'ma 12. Tikiti yobwerera aiguliretu nthawi yomweyo, ndipo zitsanzo za maovolosi ndi failo ya mapepala zikhale m'chikwama chimene ali nacho pampando, osati kunsi ndi katundu wina.

Chimene chimasokoneza alendo ambiri ndi kamangidwe ka Lilongwe. Wozolowera Blantyre amadziwa kuti banki, ofesi ndi shopu zimayandikana, moti pa Victoria Avenue munthu amatha zinthu zitatu akuyenda pansi. Lilongwe ndi yomwazikana. Kuli tauni yakale, imene ambiri amangoti kutauni, kumene kuli msika waukulu, depoti ya mabasi ndi mashopu a Area 2 ndi Area 3. Kuli City Centre ndi Capital Hill, zimene zinamangidwa likulu litasamuka ku Zomba, kusamuka kumene kunatsirizidwa mu 1975. Ndiye kuli Kanengo kumpoto, pa msewu wopita ku Kasungu, kwa mafakitale, nkhokwe ndi msika wa fodya. Pakati pa malo atatuwa pali mitunda yoti simungayende pansi, ndipo manambala a madera sakuthandizani kulingalira mtunda. Area 24 ili kummwera kwa mzinda, Area 25 ili kumpoto kufupi ndi Kanengo. Wokonza ndondomeko atakhala ku Blantyre, n'kuganiza kuti manambala otsatizana ndi oyandikana, adzazindikira ali m'minibasi yachiwiri.

Choncho lamulo la mayiyu likhale loti theka lililonse la tsiku likhale ndi dera limodzi. Lachiwiri masana kutauni, Lachitatu m'mawa Capital Hill, Lachitatu masana Kanengo. Malo ogona nawo asankhidwe poyang'ana msonkhano waukulu uja. Loji yotsika mtengo imene ili kutsidya kwa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe ingamusungire ndalama pang'ono, koma m'mawa pamlatho paja pamadzaza magalimoto, ndipo zimene wasunga adzazipereka kwa wa takisi. Akagona cha ku Area 47, Area 15 kapena Area 18, Capital Hill amafikako osawoloka pakati pa tauni, ndipo sukulu ija ili pafupi.

Lachiwiri, kochi ikafika cha m'ma 12, mayiyu asalembe chilichonse mpaka 3 koloko. Maola atatuwa akuoneka ambiri, koma muli kuchedwa kwa kochi, kupeza loji, kusiya katundu, kudya, ndi ulendo wa ku Area 2. Msonkhano wa tsikuli ndi wa wogulitsa nsalu, ndipo waikidwa pano dala chifukwa ndi wofewa: mwini shopu amakhala pamalo ake mpaka nthawi yotseka, ndipo mukachedwa ndi theka la ola sakwiya. Pali chifukwa chinanso. Mtengo wa nsalu umene amve Lachiwiri ndiwo adzawerengere pouza a ku Kanengo ndi a kusukulu mitengo yake. Akadayamba ndi makasitomala, akadatchula mtengo wongoganizira. Pashopupo agwire nsaluyo, afunse kuti mpukutu uli ndi mamita angati, ilipo mipukutu ingati ya mtundu womwewo, ndipo mtengo umene wauzidwa ukhala mpaka liti. Adule kachidutswa kokaonetsa mawa.

Madzulo a Lachiwiri ndi a mapepala. Pabedi ayale LPO, chikalata chimene undunawo unaitanitsira katundu, invoisi yake, pepala losonyeza kuti katundu anaperekedwa, lokhala ndi siginecha ya amene analandira, ndi satifiketi ya ku MRA yosonyeza kuti za msonkho zili bwino. Pa satifiketiyi ayang'ane tsiku lothera ntchito, chifukwa ndi chinthu chimene ambiri amaiwala. Chilichonse chikhale ndi mafotokope awiri, ndiponso achijambule pafoni. Foni yotsimikiza msonkhano wa mawa ayimbe isanakwane 4 koloko, akadali kutauni, anthu asanaweruke.

Lachitatu ndilo tsiku limene ulendo wonse wayendera. Pangano ndi la 8:30, ndipo pa ndondomeko palembedwe kuti kunyamuka pa loji ndi 7:30, ngakhale kuti msewu ukakhala wopanda magalimoto ulendowu sutha mphindi makumi awiri. Ola limeneli lili ndi ntchito. Nthawi imeneyo aliyense akupita kuntchito ndiponso kukatula ana kusukulu. Kufika ku Capital Hill si kufika pa chitseko: nyumba za maunduna zimafanana, polowera mumafunsidwa kumene mukupita, ndipo chipinda cha maakaunti chingakhale m'mwamba, kumapeto kwa khonde lalitali. Mlendo amatha mphindi khumi ndi zisanu akungofunsa njira. Wofika 8:15 amapeza anthu angokhala kumene pamipando, asanabalalike.

Kuyambira 8:30 mpaka 12 koloko pasalembedwe kanthu kena. Apa m'pamene anthu ambiri amalakwitsa, poganiza kuti kufunsa za ndalama ndi nkhani ya mphindi khumi. Kufunsako n'kwachidule ndithu, koma yankho limakutumani. Tinene kuti wa maakaunti watsegula failo n'kupeza kuti mulibe chikalata cha kusitolo chotsimikiza kuti maovolosi analandiridwa ndi kuwerengedwa. Popanda chimenecho vocha yolipirira siingakonzedwe. Mayiyu apite kwa wosunga sitolo, amene mwina ali m'nyumba ina. Wa sitoloyo afufuze m'buku lake, apeze tsiku limene katundu analowa, alembe chikalatacho, ndipo mkulu wake asaine. Mkuluyo ali mumsonkhano mpaka masana. Pamenepa nthawi ili 11 koloko, ndipo nkhani yayenda kwambiri kuposa mmene inayendera pa mafoni a miyezi itatu, koma sinathe. Wa sitolo akuti, "Mubwere mawa m'mawa mayi, mudzachipeza chosainidwa." Amene anadzaza Lachinayi lake ndi misonkhano ina amayamba pano kuimba mafoni opepesa. Mayi wathuyu amangovomera n'kulemba dzina la wa sitoloyo ndi nambala ya chitseko chake.

Zikachitika kuti zonse zili bwino ndipo watuluka 9:30, maola awiri ndi theka otsalawo asawaone ngati otayika. City Centre ili pafupi, ndipo mabanki ambiri amatseka 3 koloko, nthawi imene iye adzakhale ku Kanengo, ndiye za kubanki azithere pano. Nkhomaliro adye pa msika wa Area 13, kumene antchito a m'maofesi amadyera nsima yotentha, ndipo adye isanakwane 12:30 anthu asanachuluke.

Msonkhano wa ku Kanengo ukhale 2 koloko, kunyamuka 1 koloko. Musapangane ndi munthu 1 koloko yeniyeni, chifukwa wobwera ku nkhomaliro amafika mochedwerako ndipo mudzangokhala pa benchi. Pa ulendo uwu ndingalangize takisi, ngakhale kuti minibasi ndi yotsika mtengo. Minibasi imadikira kudzaza, imakutsitsani pamsewu waukulu, ndipo Kanengo ndi dera lalikulu la mipanda italiitali, lafumbi m'chilimwe ndi lamatope m'dzinja. Munthu wonyamula chikwama cha zitsanzo amene akukagulitsa zovala zaukhondo asafike atatuwa. Kabaza wa njinga yamoto ndi wachangu pa mtunda waufupi, koma pa msewu wa malole ngati umenewu, wopanda chipewa choteteza mutu, ine sindingakwere. Wa takisi mumupeze kudzera kwa a pa loji, mugwirizane mtengo wopita, kudikira ndi kubwerera musanakwere, ndipo nambala yake muisunge. Kuyambira cha mu Epulo mpaka cha mu Ogasiti, msika wa fodya ukatsegulidwa, malole a mabelo amachuluka m'misewu ya kumeneko, ndiye onjezani mphindi zina khumi ndi zisanu.

Pageti la kampani mlonda adzafuna dzina la amene mukukaonana naye, nthawi zina ndi chitupa chanu, choncho dzinalo likhale papepala, osati "a bwana ogula zinthu" chabe. Msonkhanowu upatseni ola limodzi. Mayiyu aonetse ovolosi yosokedwa kale ndi kachidutswa ka nsalu ka dzulo, afunse chiwerengero cha antchito, masaizi, ngati akufuna dzina la kampani pamsana, ndi masiku amene kampaniyo imatenga kuti ilipire. Pofika 3:30 akhale atanyamuka, chifukwa ikangokwana 4:30 anthu oweruka amadzaza msewu wonse wolowera mumzinda kudzera pa Area 18.

Lachitatu madzulo ndiwo mpata weniweni wopuma, ndipo pano m'pamene pamalowa achibale. Palibe wochokera ku Blantyre amene alibe mlongo, msuweni kapena mlamu ku Lilongwe, ndipo akamva kuti munabwera osawaona, nkhani yake idzakambidwa mpaka pa ukwati wotsatira. Auzeni msanga kuti mudzawaona Lachitatu madzulo, ndipo ngati n'kotheka abwere ndi iwo kufupi ndi kumene mwagona. Cholakwika n'kuvomera "kungodutsa" kwa achemwali ku Likuni masana a pakati pa misonkhano. Kwathu kuno mlendo sachoka madzi a nsima ali pamoto. Koma asanapite kokacheza, mayiyu akhale pansi theka la ola, alembe kotesheni ya a ku Kanengo zimene anamva zikadali m'mutu, n'kuitumiza usiku womwewo. Foni aitchaje magetsi akadalipo.

Lachinayi m'mawa, kuyambira 8 mpaka 10 koloko, pa ndondomeko pamakhala mawu awiri okha: Capital Hill. Mu chitsanzo chathu mpatawu wagwira ntchito. Mayiyu atenga chikalata chosainidwa kwa wa sitolo, achijambulitsa, apereka chenichenicho ku maakaunti, ndipo apempha kuti pa fotokope yake amudindire kapena amusainire kuti alandira. Zikadakhala kuti zonse zinatha dzulo, akadaimbira a kusukulu kupempha kuti afike msanga, kapena akadapita kukaona manda a Kamuzu Banda pafupi ndi Nyumba ya Malamulo, kapena malo osungira nyama a Lilongwe Wildlife Centre amene ali pakati pa City Centre ndi tauni yakale. Malo awiriwa ali m'njira, ndipo munthu angachokepo nthawi iliyonse foni ikalira. Chimenechi ndicho choyezera chochita pa mpata wotere: chikhale chinthu choti mungachisiye pakati popanda kukhumudwitsa munthu.

Sukulu ya ku Area 47 yapatsidwa 10:30. Yaikidwa kumapeto chifukwa pa nkhani zinayi zija ndi yokhayo imene ingatheke pafoni zinthu zikavuta: chithunzi cha yunifomu ndi chiwerengero cha ana zingatumizidwe, ndipo kotesheni ingalembedwe ku Limbe. Aphunzitsi aakulu auzidwiretu kuti ola lingasunthe pang'ono. Katundu amutulutse m'chipinda m'mawa n'kumusungitsa polandirira alendo, kuopa kulipiritsidwa tsiku lina.

Pakati pa kutha kwa msonkhano womaliza ndi kunyamuka kwa kochi pakhale ola limodzi ndi theka. Msonkhano wochedwa mumapepesa n'kupitiriza, koma kochi ikapita mwagula tikiti ina ndi usiku wina wa loji. Ngati pali kusankha pakati pa kochi ya masana ndi ya madzulo, taganizirani nthawi yofikira: yonyamuka cha m'ma 4 koloko imalowa mu Blantyre cha m'ma 9 usiku, ndiye wokakutengani adziwe. M'miyezi ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, mipata yonse yoyendera mumzinda muiwonjezere, makamaka ya masana. Ndalama za mayendedwe a mumzinda zikhale zapadera, zina m'manja zosinthasintha, zina pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo malisiti a loji ndi kochi alowe mu envelopu imodzi.

Zonsezi zikwane pa pepala limodzi, lolembedwa pamanja kapena losindikiza, chifukwa foni imatha moto. Pa msonkhano uliwonse pakhale nthawi yonyamuka kutsogolo kwa nthawi yokumana, kenako dera ndi nyumba, dzina ndi nambala ya wokumana naye, dzina la womutsatira, zoti munyamule, ndi chinthu chimodzi chimene mukufuna kutuluka nacho. Mzere wa Lachitatu m'mawa ungati: kunyamuka 7:30, kukumana 8:30, Capital Hill, maakaunti, failo ya buluu, ndituluke ndikudziwa chimene chikusowa ndi amene asaine. Kope ina ya pepalali itsale kunyumba kapena kushopu ku Limbe.

Patsala vuto limodzi limene ndondomeko singalithetse yokha. Lachinayi 9 koloko wa sitolo akuti mkulu uja sanasaine, wapita ku Salima, abwera mawa. Mugone usiku wina kapena mubwerere? Werengani mtengo wa loji, chakudya, takisi ndi kusintha tikiti, muuyerekeze ndi mtengo wa ulendo wina wonse wobwera ku Lilongwe. Kenako funsani funso limene limagamula: kodi siginechayo ikufuna inu mukhalepo? Kawirikawiri siifuna. Ngati chikalata chalembedwa kale ndipo chikungodikira cholembera, mayiyu apemphe wa sitolo kuti chikasainidwa achipititse yekha ku maakaunti, adziwitse wa maakaunti kuti chikubwera, ajambule chikalata chosasainidwacho pafoni, ndipo agwirizane nawo onse awiri kuti adzaimba Lolemba 10 koloko. Koma ngati mkuluyo akufuna kuona LPO yeniyeni imene ili m'chikwama chake, kapena pali kusiyana pa chiwerengero cha maovolosi koti afotokoze yekha, aimbire a kochi asinthe tikiti ikhale ya Lachisanu masana, ndipo pa chitseko cha mkuluyo afikepo 7:30 m'mawa.